Kamlatho kaulemu: ndisinthe bwanji mawu a agogo osapha nthabwala yake?

Mlembi wa komiti: Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi vuto la mawu, ndipo ndatsala ndi masiku anayi okha. Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko kwathu kuno. Lachisanu kukubwera akhansala, a gogo chalo ndi akuluakulu ena, ndipo ine ndi amene ndikulemba zoti apampando akawerenge. Nkhani yaikulu ndi ya mlatho wamatabwa umene ana amawolokera popita kusukulu. Unamangidwa zaka zitatu zapitazo, koma dzinja lililonse madzi amanyamula matabwa, ife n'kumakawatola kumunsi.

Pa msonkhano wa m'mudzi sabata yatha, agogo ena aakazi anaimirira n'kunena kuti: "Koma kamlatho kathuka n'kaulemu, inu. Kakangoona madzi akubwera, kamapatuka kuti adutse." Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo atatha kuseka ndi pamene anamanga chimodzi kuti nkhaniyi ipite kwa akuluakulu. Apampando akufuna mawuwa alowe m'zoyankhula zawo, koma m'Chichewa cha pamaso pa mafumu. Akuti "kamlatho" ndi "inu" n'zapabwalo. Ndayesa kawiri. Koyamba ndinalemba kuti: "Anthu akudandaula kuti mlatho umakokoloka chaka chilichonse." N'zoona, koma mchere wonse wachoka. Kachiwiri ndinalemba kuti: "Mayi wina ananena monyoza kuti mlathowu ndi waulemu chifukwa sulimba." Apa ndaona ngati ndikuwaneneza agogowo. Ndithandizeni.

Achisale: Achimwene, bwanji osangowalemba mawuwo mmene anatulukira? Apampando anene kuti "mayi wina anati", kenako awerenge. Zatha.

Mlembi wa komiti: Ndinaganiza zomwezo, Achisale. Koma agogowo akana. Akuti mudzi wonse ukudziwa amene ananena, ndipo safuna alendo aziwaloza chala. Apempha kuti ngati mawuwo anenedwe, atuluke ngati a komiti yonse. Ndiye ayenera kulowa m'kamwa mwa apampando, m'mawu a "ife".

Aphiri a ku Joni: Vuto la milatho yotereyi ndi lakuti amaiika pansi kwambiri, komanso sakhomera matabwa ndi mabawuti ku zitsulo. Muwauze akweze zipilala.

Mlembi wa komiti: Zikomo Aphiri, zimenezo zilipo kale pa ndime ya zopempha. Pano ndikufunsa za chiganizo cha agogo chokha.

Nachisale wa ku Area 25: Ine ndimaona kuti n'zosavuta. Lembani Chichewa chanu chaulemucho, koma mawu oti waulemu muwatsekere m'tizizindikiro ta mawu a mwini, kumapeto muike mfuwuliro. Aliyense adziwa kuti simukutanthauza zimenezo. Pafoni timangoika kankhope koseka, nkhani yatha.

Aphunzitsi a Chichewa: Achemwali Nachisale, mwagwira mbali imodzi, yakuti womvera amafunika chomuthandiza kuti asamve mawuwo ngati kuyamikira kwenikweni. Koma zoyankhulazi zikawerengedwa mokweza, ndipo tizizindikiro sitimveka m'khutu. Ngakhale papepala, kutsekera mawuwo kuli ngati kugwira munthu paphewa n'kumuuza kuti "seka apa". Agogo sanachite zimenezo.

Bambo mlembi, musanasinthe kalikonse tiyeni tione chimene chinaseketsa anthu. Ine ndikuona zinthu zingapo m'chiganizocho.

Choyamba, agogowo sananene mawu oipa ngakhale amodzi. "Ulemu" ndi chiyamikiro. "Kupatuka" ndi khalidwe limene tonse tinaphunzitsidwa tili ana: ukakumana ndi wamkulu m'kanjira, umapatukira kumbali kuti adutse. Atenga khalidwe labwinoli n'kuliveka chinthu chimene ntchito yake yonse ndi kusapatuka. Chipongwe chake chagona pamenepo, pakati pa mawu okoma ndi zimene aliyense pabwalopo anaona ndi maso. M'kuyesa kwanu koyamba munachotsa mawu okomawo, kunatsala dandaulo lokha. M'kuyesa kwachiwiri munawasunga, koma munawonjezera "monyoza" ndi "chifukwa sulimba", ndiye kuti mwaulula yankho womvera asanalipeze yekha. Munthu amaseka pamene walumikiza yekha.

Chachiwiri ndi mawu omaliza aja, "kuti adutse". Agogo sanabwereze kuti "madzi adutse". Madzi amatenga a- mu mgwirizano wake: madzi abwera, madzi adutse. Munthu wolemekezeka nayenso timamupatsa a- yemweyo: agogo abwera, agogo adutse. Ndiye "adutse" akumveka pawiri, ndipo khutu limaona madzi ngati nkhalamba imene ikupatsidwa njira. Mawu amenewa musawakhudze, ndipo akhale omaliza. Mukawonjezera kanthu pambuyo pake, monga "chaka chilichonse", anthu ayamba kuseka apampando akuyankhulabe, ndipo zonse zisokonekera.

Mlembi wa komiti: Aphunzitsi, za "adutse" sindinazione n'komwe. Nanga ka- uja? Apampando amukana.

Aphunzitsi a Chichewa: Ka- ameneyo akugwira ntchito ziwiri. Akuchepetsa mlathowo, komanso akuusandutsa kamwana, pakuti wopatuka panjira ndi mwana. Ntchito yoyamba ndi imene apampando akuiopa, ndipo sakulakwa, chifukwa kunena "kamlatho" pamaso pa amene anabweretsa mlathowo ndi kunyoza poyera. Koma ntchito yachiwiri mukaitaya, "kupatuka" kutsala kopanda mwini. Ndiye chotsani ka-, koma umwana uja muubweze ndi mawu ena amene ndi aulemu. Mwachitsanzo:

"Mlatho wathu unaleredwa bwino ndithu. Ukangoona madzi akubwera, umapatuka kuti adutse."

Kuleredwa kwalowa m'malo mwa ka-, ndipo "ndithu" walowa m'malo mwa "koma ... inu". Onse awiri amatsindika chiyamikiro, kungoti "ndithu" amavala jekete.

Mfana wa ku Ndirande: Aise ine ndikanangoti: "Mlatho uwu ndi feki, madzi akangoti pang'ono wathawa kale." Anthu aseka basi. Zaulemuzi zimachedwetsa.

Mayi wa pawayilesi: Mwanawe, aseka inde, koma taona chimene wachita. "Feki" ndi kutukwana kwachindunji. "Kuthawa" ndi mantha, si khalidwe labwino. Agogo anayamikira, iwe wadzudzula. Wasintha nthabwala, sunasinthe chiyankhulo chokha. Ngati ukufuna ya m'tauni, chiyamikiro chikhalemo.

Mfana wa ku Ndirande: Chabwino mayi, nanga iyi: "Mlatho wathu ndi mfana wa ulemu, aise. Akangoona madala madzi akubwera, amapereka mpata."

Mayi wa pawayilesi: Eya, imeneyo ndi ya agogo yomwe ija itavala kapusi. "Mfana" wagwira ntchito ya ka-. Koma "madala madzi" waulula msanga. Chotsa "madala", umalize ndi "amapereka mpata kuti adutse".

Bambo mlembi, ine ndawerenga nkhani ndi masewero pa wayilesi ya m'dera kwa zaka zambiri, ndiye ndiyankhulepo za kawerengedwe, chifukwa chiganizo chabwino chimafera m'kamwa. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho pepala silidzawauza apampando kanthu. Muwaphunzitse ndinu. Chiganizo choyamba achinene ndi mawu omwewo amene athokozere alendo, osamwetulira, osakweza mawu. Akafika pa "akubwera" apume pang'ono, ngati mpweya umodzi. Kenako "umapatuka kuti adutse" anene mofatsa, n'kukhala chete. Asaseke iwo. Akayamba kuseka okha asanamalize, alendo adzaona kuti akusekedwa, pamene akanena ndi nkhope yozizira, alendo amakhala ndi ufulu woseka nawo.

Ndinalakwitsapo ine zimenezi. M'sewero lina munali mayi wouza mwamuna wake wobwera m'bandakucha kuti "mwafulumiratu lero, bambo". Wosewera wathu anakuwa mawuwo mokalipa, ndipo omvera anangomva mkangano. Titabwereza tinamuuza anene ngati akulandira mlendo, ndipo pamenepo ndi pomwe zinaluma.

Agogo a ku Ntcheu: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonse mwanenazi n'zanzeru, koma mwaiwala funso limodzi: akunena ndani? Mayi wokalamba pabwalo ali ndi chilolezo chimene wapampando alibe. Nkhalamba imatha kuseka mfumu, mfumu n'kuseka nawo. Amayi akale ankadzudzula amuna awo ndi apongozi m'nyimbo za pamtondo, ndipo palibe ankawaimba mlandu, chifukwa mtondo unali malo ake. Adzukulu pamaliro amanena zoseketsa zimene wina atazinena tsiku lomwelo angathamangitsidwe. Mawu omwewo mukawachotsa m'kamwa mwa agogo n'kuwaika m'kamwa mwa bambo wa zaka makumi atatu kapena anayi, ataimirira pamaso pa gogo chalo, salinso mawu omwe aja.

Ndipo Aphunzitsi, ndikhululukireni, "unaleredwa bwino" wanuyo ndi wakuthwa kuposa wa agogo. Mwana akaleredwa, pali amene anamulera. Agogo anaseka mlatho. Inu mwaseka makolo a mlatho, ndipo makolowo adzakhala pampando wakutsogolo.

Aphunzitsi a Chichewa: Agogo, mwandigwira pamenepo, ndipo ndavomera. Ndinayang'ana zobweza umwana, osaona kuti ndabweretsanso kholo. Chichewa chaulemu chili ndi khalidwe limeneli: ukachikweza, chipongwe chimakwera nacho, chifukwa mpata wa pakati pa mawu ndi zoona ukukula. N'chifukwa chake kuitana mwana waulesi kuti "abwana, mwadzuka?" kumapweteka kuposa "dzuka iwe". Ndiye posamutsa mawu kupita ku chiyankhulo chapamwamba, nthawi zina umafunika kuchepetsa mphamvu, osati kuwonjezera. Tingabwerere ku mawu a agogo enieniwo:

"Mlatho wathu ndi waulemu ndithu. Ukangoona madzi akubwera, umapatuka kuti adutse."

Umwana wachepa, koma "ulemu" ndi "kupatuka" akugwirizanabe okha. Ndipo "wathu" akhalebe. Musayerekeze kulemba "mlatho umene munatipatsa", chifukwa pamenepo chala chaloza munthu.

Mbuya wa ku Chipata: Kuno kwathu nkhani ya chilolezo timaidziwa bwino chifukwa cha chimbuya cha Angoni ndi Abemba. Mngoni angamunene Mbemba mawu oopsa, ngakhale pamaliro, onse n'kuseka. Koma munthu wa mtundu wina akabwereza mawu omwewo, ndi ndewu. Ndiye ndikugwirizana ndi agogo a ku Ntcheu. Kodi pakati pa apampando ndi akhansala palibe chisuweni chilichonse? Ngati chilipo, anene mosaopa.

Mlembi wa komiti: Chisuweni palibe, Ambuya. Amangodziwana pa ntchito.

Wophunzira za zinenero: Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene Aphunzitsi anena. Akatswiri awiri, Dan Sperber ndi Deirdre Wilson, analemba mu 1981 kuti munthu woyankhula mwa njira imeneyi, yoyamikira pamene akudzudzula, amakhala akubwereza mawu kapena ganizo limene anthu amalidziwa kale, koma moonetsa kuti iye sakulivomereza pamenepo. Kwa ife zimenezi si zachilendo, tili ndi "ati" ndi "paja": "ati mlatho wolimba", "paja munati sudzagwa". Agogo aja anabwereza chiyamikiro chimene timapatsa mwana wabwino. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti kubwerezako kumagwira ntchito pokhapokha womvera akudziwa zoona zake. Pabwalo paja aliyense anatolako matabwa kumunsi. Alendo a Lachisanu mwina ena sanauonepo mlathowo. Mlendo wosadziwa akamva kuti "ndi waulemu, umapatuka", angaganize kuti ndi mlatho wopangidwa mwaluso kuti madzi azidutsa bwino.

Nachisale wa ku Area 25: Ndiye si zomwe ndimanena ine? Pafunika chizindikiro.

Wophunzira za zinenero: Pafunika thandizo, achemwali, koma libwere patsogolo, ndipo likhale mfundo, osati chizindikiro. Apampando ayambe ndi zoona zosakometsera: unamangidwa liti, matabwa apita kangati, ana anajomba masiku angati. Akatero, aliyense m'chipindamo wafanana ndi anthu a pabwalo paja. Kenako chiganizo cha agogo chibwere, popanda kufotokozera pambuyo.

Mlembi wa komiti: Ndayesa kuphatikiza. Onani:

"Gogo chalo, akhansala ndi alendo athu olemekezeka, mlathowu unamangidwa zaka zitatu zapitazo. M'zaka zitatuzo, madzi anyamula matabwa ake katatu, ndipo ulendo uliwonse ana a kutsidya amakhala pakhomo mpaka madzi ataphwa. Kwathu kuno timati mlatho wathu ndi waulemu ndithu. Ukangoona madzi akubwera, umapatuka kuti adutse."

Ndaikamo "kwathu kuno timati" kuti asakhale mawu a apampando okha.

Agogo a ku Ntcheu: "Kwathu kuno timati" ameneyo wandisangalatsa, mwanawe. Wawasandutsa ngati mwambi wa mudzi, ndipo mwambi suimbidwa mlandu. Wapampando wangokhala wonyamula. Agogo aja nawonso abisika.

Aphunzitsi a Chichewa: Ine ndili ndi nkhawa pang'ono ndi mawu omwewo. "Timati" akuchenjeza womvera kuti kukubwera mawu okuluwika, ndiye kudzidzimuka kuja kwachepa. Agogo anangoyamba ngati akuyamikiradi. Koma ndikuona kuti pa malo amenewa chitetezo chikufunika kuposa kudzidzimutsa, ndiye sinditsutsa kwambiri. Chimodzi chokha: chiganizo cha ana chili pafupi kwambiri ndi nthabwala. Munthu amene wangomva za ana olephera kupita kusukulu amachita manyazi kuseka. Mwina za ana zibwere pambuyo, kuseka kutatha, ngati poyambira zopempha.

Mayi wa pawayilesi: Apo sindikugwirizana nanu, Aphunzitsi. Kuseka kwa manyaziko ndi kumene kukufunika. Cholinga si chakuti alendo asangalale, koma kuti mawuwo awatsatire mpaka m'galimoto. Ana akhale pomwepo.

Aphunzitsi a Chichewa: Mwina. Koma akapanda kuseka n'komwe, apampando atsala okha ndi chiganizo chomveka ngati mwano. Kuseka ndi kumene kumasonyeza kuti alendo alandira.

Anaphiri a ku Phalombe: Pepani ndilowererepo ndi zanga. Ndawerenga zonse, ndipo nthabwalayo ndaimva, koma ine sindinaseke. Kuno chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mawu oti "madzi akubwera" si oseketsa. Anthu anataya ana ndi makolo, milatho ndi midzi inapita usiku umodzi. Sindikudziwa kuti kwanu ndi kuti, bambo mlembi, koma mufufuze ngati mwa alendowo kapena mwa anthu anu muli amene anaferedwa ndi madzi. Ngati pa mtsinje wanuwo panafera munthu, chiganizocho musachinene m'chiyankhulo chilichonse.

Mlembi wa komiti: Pepani kwambiri, Anaphiri, ndipo zikomo pondikumbutsa. Kwathu ndi m'chigawo chapakati, ndipo pa mtsinje wathu sipanafere munthu. Koma za alendo sindikudziwa kumene onse amachokera. Ndifunsa.

Achisale: Ine ndikadali pa maganizo anga oyamba. Mwatembenuza mawu a agogo tsiku lonse, ndipo amene mwafikapo ndi ofooka kuposa oyamba aja. "Kamlatho kathuka n'kaulemu, inu" muli nyimbo: ka, ka, ka, mpaka kakangoona, kamapatuka. Mwanu mulibe.

Aphunzitsi a Chichewa: Zoona zimenezo, Achisale, ndipo palibe njira yoibwezera. Ka- wobwerezedwa uja amamveka ngati timapazi ta mwana. Mu "ukangoona, umapatuka" mwatsala u- wolemera. Chimenecho chatayika, tivomereze. Chimene tapulumutsa ndi chiyamikiro, kupatuka, ndi "adutse" kumapeto.

Bambo mlembi, musanapereke kwa apampando yesani chonchi. Pezani anthu awiri kapena atatu amene sanali pa msonkhano uja ndipo mlathowo saudziwa. Awerengereni ndime yonse kamodzi, ndi mawu wamba, osawauza kuti muli nthabwala. Kenako muwafunse funso limodzi: anthu a mudziwu akuuona bwanji mlatho wawo? Akati "akuukonda", ndiye kuti mfundo za patsogolo n'zochepa. Akati "akwiya ndipo akunyoza akuluakulu", ndiye kuti mwanola kwambiri. Akamwetulira kaye asanayankhe, mwafika.

Mlembi wa komiti: Ndabwerako. Ndayesa pa anthu atatu kumsika wa pa boma. Mayi wogulitsa tomato anaseka pa "adutse" penipeni, n'kubwereza yekha mawuwo. Bambo wina wa telala sanaseke, anangoti "ana amenewo akuvutika", ndiye mwina Aphunzitsi ananena zoona za chiganizo cha ana. Wachitatu, mnyamata wa kabaza, anafunsa kuti "ndiye akuunyoza kapena akuuyamikira?", kenako anaseka yekha patapita kanthawi.

Apampando ndawawerengera madzulo ano. "Kwathu kuno timati" aukonda. Koma akufuna kuwonjezera kumapeto kuti "tikunena izi mwanthabwala chabe, musatimvere molakwa". Ndawauza kuti zimenezo zipha zonse, iwo akuti ndi iwo amene akaime pamaso pa gogo chalo, osati ine.

Mayi wa pawayilesi: Asanene zimenezo, chonde. Ngati akuopa chete wa pambuyo pake, muwapatse chiganizo chotsatira choti agwire msanga, chopanda nthabwala: "Pempho lathu ndi lakuti zipilala zikwezedwe mvula isanayambe." Awerenge mpaka atatu mumtima, kenako anene chimenecho.

Agogo a ku Ntcheu: Ine ndikuti musawakakamize. Woima pamaso pa mfumu ndi iwo. Koma pali njira ina: mawa apite kwa nduna ya gogo chalo, akainong'oneze kuti m'mawu athu muli kamwambi ka mlatho. Mfumu ikadziwiratu, imayamba ndi iyo kuseka, ndipo ikaseka mfumu onse amatsatira.

Mlembi wa komiti: Za nduna ndiwauza m'mawa uno, agogo. Chiganizo cha ana ndalemba mapepala awiri, lina chili patsogolo, lina chili pambuyo, asankhe okha akamayeserera mawa madzulo. Mayi wa pawayilesi, kodi kupuma kuja kukhale pambuyo pa "akubwera" pokha, kapena apumenso akanena "ndithu"?